Kukopera mawu a pa zikwangwani zojambulidwa chammbali kapena kukuda

Funso: Ndapatsidwa ntchito yokopera mawu a pa zikwangwani za m'misewu, za masitolo ndi maposita kuchokera pa zithunzi zoposa 300 zojambulidwa ndi foni. Zambiri anazijambula chammbali, zina chisisira chitagwa, zina ali m'minibasi. Pena ndimaona ngati ndawerenga bwino koma mnzanga akuwerenga zina. Ndichite bwanji kuti zolemba zanga zikhale zodalirika?

Yankho: Mukasiyana ndi mnzanu pa mawu amodzi, kawirikawiri onse awiri simunawerenge chithunzicho. Aliyense waona theka la zilembo, mutu wake n'kumalizitsa zotsalazo ndi mawu amene anazolowera. Ntchito yonse yagona pa kulekanitsa zimene chithunzi chikuonetsa ndi zimene inu mukuganiza kuti zinalembedwa. Kukonza chithunzi pa kompyuta kumathandiza diso kuona zimene zilimo kale, koma sikubweza chilembo chimene kamera sinachigwire.

Musanakhudze chilichonse, funsani amene anajambula ngati zithunzi muli nazozo ndi zoyambirira. Foni wamba imajambula chithunzi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, koma chikatumizidwa pa WhatsApp monga chithunzi wamba chimachepetsedwa kufika pafupifupi 1600 m'litali, n'kufinyidwanso. Chilembo chimene chinali ndi mapikiselo 14 m'lifupi chimatsala ndi 6, ndipo pa mapikiselo 6 simungasiyanitse E ndi F. Apempheni atumizenso monga `Document` kapena akukopereni ndi chingwe. Mukazilandira, sungani zoyambirirazo mu foda yawoyawo ndipo muzigwira ntchito pa makope okha. Makopewo muziwasunga ngati PNG, chifukwa JPEG imafinya chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 kwa 8 nthawi iliyonse mukasunga, ndipo m'mphepete mwa timabokosito mumabadwa timizere timene munthu angatiyese mchira wa chilembo kapena apositirofi.

Titenge chithunzi chimodzi chongoyerekeza, tiyende nacho mpaka kumapeto. Ndi chikwangwani cha golosale cholembedwa pakhoma ndi penti yofiira pa chikasu, chojambulidwa cha m'ma 6 koloko madzulo ndi munthu amene anaima chakumanzere kwa sitoloyo. Pachithunzipo, mbali ya kumanzere ya chikwangwani, yomwe ili pafupi ndi kamera, ndi yaitali mapikiselo 570 kuchoka pamwamba kufika pansi. Mbali ya kumanja ndi 320 basi. Chikwangwani chonse chatenga mapikiselo 840 chopingasa.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachizindikira pa zithunzi zotere. Zilembo za kutali sizimangochepa mofanana mbali zonse. Msinkhu wake umachepa malinga ndi mtunda, koma m'lifupi zimafinyika kwambiri kuposa pamenepo. Pa chikwangwani chathuchi, msinkhu wa chilembo cha kumapeto ndi woposa pang'ono theka la cha kumayambiriro, koma m'lifupi chatsala ndi gawo limodzi mwa atatu: chilembo choyamba pa mzere chili ndi mapikiselo 45 chopingasa, chomaliza 14. N'chifukwa chake zilembo zimene zimasiyana ndi mizere yoimirira, monga M, N, H ndi W, ndizo zimayamba kusokonekera, ndipo O amaoneka ngati 0 kapena D. Ngakhale popanda kusiyana kwa mtunda, kungoima chammbali kumadya m'lifupi. Pa madigiri 45 kuchoka pakati mumatsala ndi magawo 71 pa 100, pa madigiri 60 mumatsala ndi theka, ndipo pa madigiri 75 mumatsala ndi kota chabe.

Choyamba kuchita ndi kuwongola. Pamafunika mfundo zinayi zimene mukudziwa kuti pakhomapo zimapanga bokosi la ngodya zowongoka. Ngati chikwangwani chili ndi mzere wozungulira m'mphepete, tengani ngodya zake. Ngati chilibe, gwiritsani ntchito mizere ya njerwa, felemu ya chitseko kapena ya zenera, bola zikhale pa khoma lomwelo. Musatenge mfundo pa mzati wa khonde kapena pa denga lotulukira kunja, chifukwa kuwongola kotereku kumagwira pa malo amodzi athyathyathya okha. Musadalirenso mzere wa zilembo zenizenizo, pakuti olemba ndi bulashi kawirikawiri amatsetsereka kapena kuchepetsa zilembo akaona kuti malo akutha.

Mu GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi pa kompyuta, dinani `Shift+P` kuti mutsegule `Perspective`, musankhe `Corrective (Backward)`, mukokere ngodya zinayi za kabokosi pa ngodya za chikwangwani, kenako `Transform`. Pa foni, Snapseed ili ndi `Perspective` yogwira ntchito yofanana. Koma pa zithunzi 300 ndi bwino kukhala ndi njira imene mungaibwereze ndi kuilemba penapake, ndipo ImageMagick, pulogalamu imene mumaiuza zochita potayipa malamulo, imachita zimenezo:

```
magick sitolo.jpg -auto-orient \
  -define distort:viewport=1800x600+0+0 \
  -distort Perspective "1210,820 0,0  2050,1010 1800,0  2040,1330 1800,600  1195,1390 0,600" \
  chowongoka.png
```

Manambala amayenda awiriawiri: pamene ngodya ili pachithunzi, kenako pamene mukufuna ipite. Ngodya ya pamwamba kumanzere ili pa 1210,820 ndipo ikupita pa 0,0, ndipo zinazo zikutsatira mozungulira. Kukula kwa 1800 kwa 600 ndi kwa inu kusankha, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mfundo zinayi zija sizikuuzani kuti chikwangwani ndi chachitali kangati kuyerekeza ndi msinkhu wake. Muyenera kupeza china chake pakhomapo chimene mukudziwa maonekedwe ake. Werengani njerwa chopingasa ndi choimirira, kapena yang'anani chinthu chozungulira, monga chizindikiro cha kampani ya zakumwa kapena chikwangwani chozungulira cha liwiro. Chikatuluka ngati dzira loimirira, chithunzi chanu chikadali chofinyika, ndiye onjezerani 1800 uja mpaka chizungulire. Mukalakwitsa apa, O wa wolembayo amasanduka ziro, mtengo n'kuoneka pamene panalibe.

Chithunzi chikawongoka, mbali ya kumanja idzaoneka ya chimbuuzi kuposa ya kumanzere. Palibe chalakwika. Mapikiselo 14 aja angotambasulidwa kuti adzaze malo aakulu, ndipo chimbuuzicho chikukuuzani zoona zake za kumene muyenera kusamala.

Tsopano za kuwala. Anthu ambiri amathamangira kuwonjezera `Brightness`, chithunzi chonse n'kuyera mbuu, zilembo osaoneka bwinopo. Chimene mukufuna ndi kusiyana kwa penti ya zilembo ndi penti ya khoma, ndipo njira yachidule yopezera kusiyanako ndi kugawa mitundu. Chithunzi cha foni chili ndi zigawo zitatu, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu, ndipo chilichonse mungachione pachokha ngati chithunzi chakuda ndi choyera. Pa chikwangwani chathu, chigawo chofiira sichithandiza, chifukwa penti yofiira ndi yachikasu zonse zimawala mmenemo. Chabuluu zonse zimada, komanso ndicho chimakhala ndi timadontho tambiri ngati mchenga kukada. Chobiriwira ndicho chabwino: chikasu chimawala, chofiira chimada bii. Mwayi winanso ndi woti theka la timaso ta kamera ndi togwira kubiriwira, choncho chigawochi chimakhala choyera kuposa zinzake.

```
magick chowongoka.png -channel G -separate +channel -level 5%,60%,1.4 chobiriwira.png
```

Mu GIMP zimenezi zili pa `Colors > Components > Decompose`, ndipo kukweza kuwala kuli pa `Colors > Levels`. Manambala 5% ndi 60% akutanthauza kuti chilichonse chakuda kuposa 5 chikhale chakuda ndithu, chowala kuposa 60 chikhale choyera, ndipo 1.4 akukweza zapakatikati. Si manambala okhazikika. Muziwasuntha uku mukuyang'ana mizere yopyapyala kwambiri, monga kamzere kapakati ka A kapena apositirofi, ndipo ikayamba kuzimirira mwapitirira. Pa zilembo zabuluu pakhoma loyera, kapena zoyera pa chikwangwani chobiriwira cha pamsewu, yambani ndi chigawo chofiira. Lamulo lake ndi kufuna chigawo chimene penti imodzi ikuwala pamene inzake ikuda.

Musasandutse chithunzi kukhala chakuda ndi choyera chokhachokha chopanda zotuwa. Diso limawerenga zilembo zofufutika kudzera m'zotuwazo. Pewaninso mapulogalamu amene amalonjeza kunola chithunzi chosaoneka kuti chikhale chakuthwa. Ambiri amajambula zilembo zatsopano zooneka bwino pamene panali chimbuuzi, ndipo mumatha kukopera 8 wooneka bwinobwino amene wolemba chikwangwani sanalembepo.

Powerenga, ikani zithunzi zitatu pafupi: choyambirira, chowongoka cha mitundu, ndi cha chigawo chimodzi chija. Musakulitse mopitirira. Mukafika poona timabokosi ta mapikiselo, chilembo chimamwazika, ndipo nthawi zambiri mumawerenga bwino mukachepetsako n'kukhala patali pang'ono ndi sikirini. Chilembo chimene chikuoneka pa chithunzi chokonzedwa chokha, koma pa choyambirira palibe ngakhale mthunzi wake, muchikayikire.

Mzere wachitatu wa chikwangwani chathu, pouyang'ana koyamba, ukuwerengeka kuti TIMAGULITSA UFA SHUGA NDI MAFUTA. Musalembe kaye. Werengani zilembo za mawu oyamba chimodzichimodzi kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, kuti mutu usapeze mpata wokutsogolerani: A, S, I, L, U, G, A, M, I, T. Zilipo 10, osati 11. Wolembayo analemba TIMAGULISA, wopanda T wachiwiri, ndipo inu mukopere momwemo. Cholakwa chotere ndicho chimachuluka pa ntchitoyi, ndipo chodabwitsa n'choti chimachitikira kumbali yooneka bwino, kumene munthu amadutsa mothamanga. Zomwezo ndi L ndi R m'mawu ngati GOLOSALE ndi GOROSALE, apositirofi wa NG'OMBE amene ena amasiya, ndi ka denga ka pa ŵ mu Malaŵi kamene kamapezeka pa zikwangwani zina, pa zina ayi. Amene anakupatsani ntchitoyi mwina akufuna kudziwa ndendende mmene anthu amalembera, ndipo mukakonza kalembedwe mwawononga chimene amafunacho. Ngati akufunanso mawu okonzedwa, akhale ndi danga lawolawo m'tebulo lanu.

Kumapeto kwa mzere wachinayi, kumbali ya kutali, kuli mtengo. K, 2, kenako nambala yosaoneka bwino, kenako maziro awiri. Inu mukuti 2500, mnzanu akuti 2800. Pano musafunse kuti katunduyo amagulitsidwa zingati masiku ano, chifukwa chikwangwani chikhoza kukhala cha chaka chatha, kapena wolembayo anafufuta nambala yakale n'kulemba ina pamwamba. Funsani dzanja la wolembayo. Munthu mmodzi amalemba 5 wake mofanana pa chikwangwani chonse. Fufuzani 5 ndi 8 ena kumbali yooneka bwino, mwina mu nambala ya foni, muwadule, muwachepetse kufika kukula kwa nambala yovutayo ndi kuwafufutitsa pang'ono ndi `Gaussian Blur`, kenako muwaike pambali pake. Nthawi zambiri 5 wolembedwa ndi bulashi amakhala ndi kamzere kowongoka pamwamba kotulukira kumanja ndi mpata kumanzere chakumunsi, pamene 8 wofufutika amasiya timaenje tiwiri towala, kena pamwamba kena pansi. Ngati pamwamba pali pathyathyathya ndipo kaenje kowala n'kamodzi, 5 ndiye akuyandikira. Koma kuyandikira si kuona, ndipo zolemba zanu zionetse zimenezo.

Gwirizanani ndi mnzanu zizindikiro zochepa musanapitirize, ndipo musazisinthe pakati pa ntchito. Chilembo chimene mukuchiona pang'ono koma simukutsimikiza chikhale m'mabulaketi ndi chizindikiro cha funso. Chosawerengeka konse chikhale kadontho kamodzi pa chilembo chilichonse, m'mabulaketi momwemo, kuti wowerenga adziwe kuti zasowa zingati. Chimene chabisika kuseri kwa mtengo kapena munthu, kapena chadulidwa ndi mphepete ya chithunzi, mulembe kuti chabisika, popeza ndi vuto lina: chithunzi china chikhoza kuchionetsa. Mzere uliwonse wa pachikwangwani ukhale mzere wakewake, zilembo zazikulu zikhale zazikulu. Chathu chija chingatuluke motere:

```
ZONSE NDI NTHAWI
GOLOSALE
TIMAGULISA UFA SHUGA NDI MAFU[T?]A
SOPO WOCHAPIRA K2[5?]00
[chabisika]GONGOLE MA[..]
```

Mzere womalizawo aliyense wokulira kuno akudziwa kuti ndi NGONGOLE MAWA. Lembani zimenezo m'danga la ndemanga, pamodzi ndi chifukwa chake. M'danga la zokopera musiye momwe chithunzi chilili.

Pali malo ena pamene chidziwitso cha kunja chimathandiza kwambiri, ndipo ndi bwino kuchigwiritsa ntchito, bola chizikhala m'danga la ndemanga lomwelo. Posita ikati Loweruka, tsiku lake n'kuoneka ngati 15 kapena 18 Juni 2024, kalendala imathetsa nkhani: 15 Juni 2024 linali Loweruka, 18 linali Lachiwiri. Nambala ya foni ya m'manja ku Malawi imakhala ndi manambala 10 ikayamba ndi ziro, monga za 088 za TNM ndi 099 za Airtel, choncho mukapeza 9 kapena 11 bwererani mukaone ngati simunaphatikize awiri kapena kuwerenga kamzere kolekanitsa ngati 1. Pa zikwangwani za pamsewu, nambala ya msewu imayamba ndi chilembo, M kwa misewu ikuluikulu monga M1, ndi S, T kapena D kwa inayo, kotero chooneka ngati 5 kumayambiriro kawirikawiri ndi S. Makilomita mungawayese ndi chikwangwani china cha msewu womwewo. Ngati pa china matawuni awiri otsatizana asiyana ndi makilomita 52, ayenera kusiyana ndi 52 kapena pafupi pamenepo pa chanunso. Komabe wosindikiza posita amatha kulakwitsa tsiku, ndipo wolemba chikwangwani amatha kusiya nambala. Izi ndi zokubwezani ku chithunzi kuti mukayang'anenso, osati zolowa m'malo mwake.

Zithunzi za m'minibasi zili ndi vuto lawolawo, ndipo ndi bwino kudziwa msanga zimene sizingapulumutsidwe. Kukada, foni imatsegula diso la kamera nthawi yaitali, mwina 1/30 ya sekondi. Mungaone nambalayi mu `Details` kapena `Properties` ya fayilo yoyambirira. Minibasi yoyenda makilomita 40 pa ola imadutsa mamita 11 pa sekondi, ndiye pa 1/30 yasuntha masentimita 37. Chikwangwani chikakhala pambali pa msewu moyang'anizana ndi zenera, chilembo cha masentimita 10 chimapakika pa zinzake zitatu. Muzindikira vutoli poona kuti mizere yopingasa ya E, T ndi Z yatsala yakuthwa pamene yoimirira yasungunuka, komanso babu kapena kadontho kalikonse kowala kasanduka kamzere. Yezani kamzereko. Kakakhala kafupi kuposa kunenepa kwa mzere wa bulashi, muwerenga. Kakafika theka la chilembo, mudzangopeza mawu aakulu okha. Kakaposa chilembo chathunthu, lembani kuti chithunzi sichiwerengeka, mupite pa china. Masana, pa 1/1000, minibasi yomweyo imasuntha sentimita imodzi yokha, n'chifukwa chake zithunzi za masana za ulendo womwewo zimatuluka bwino.

Chinanso chosapulumutsika ndi kuyera kopitirira. Zikwangwani za pamsewu zimakutidwa ndi chinthu chobweza kuwala kumene kwachokera, kuti woyendetsa galimoto azione usiku. Fulashi ya foni ili pafupi kwambiri ndi diso la kamera, choncho kuwala konse kumabwerera momwemo, chikwangwani n'kuyera phee. Posita ya pepala lonyezimira kapena yomatidwa kuseri kwa galasi imachitanso chimodzimodzi pamalo pamene kuwala kwagunda. Ikani `Color Picker` pamalo oyerawo. Ngati zigawo zonse zitatu zikuonetsa 255 paliponse, yomwe ndi nambala yapamwamba kwambiri ya kuwala, mulibe kanthu mmenemo. Ngati chimodzi chili pansi, mwachitsanzo chofiira chikusinthasintha pakati pa 230 ndi 250, chipatuleni ndi kuchidetsa, zilembo zikhoza kutuluka. Mdima umasungako kanthu kawirikawiri, koma kuyera kukafika pa 255 kwafufuta zonse.

Za inu ndi mnzanuyo, musamawerengere pamodzi. Mmodzi akangotchula mawu, winayo amayamba kuwaona. Aliyense akopere payekha osaona za mnzake, kenako mufananize. Pamene mwagwirizana popanda mabulaketi, landirani. Pamene mwasiyana, tsegulani chithunzi choyambirira, aliyense aloze mzere weniweni wa penti umene ukumupangitsa kunena chilembo chakecho. Wina akalephera kuloza, chilembo chake chagwa. Nonse mukaloza zomveka, lembani zonse ziwiri, monga `K2[5/8]00`. Ngati nthawi siyilola kuti zonse 300 ziwerengedwe kawiri, yambani ndi za mitengo, masiku, makilomita ndi mayina a malo, chifukwa nambala yolakwika ilibe mawu oyandikana nayo oti aiulule.

Mukamaliza mudzakhala ndi kagulu ka zithunzi zokanika, ndipo ngati malowo ndi ofikika, kujambulanso kumatenga nthawi yochepa kuposa kulimbana nazo. Muuzeni wojambulayo aime moyang'anizana ndi chikwangwani momwe angathere, ndipo ngati malo ndi opanikiza abwerere m'mbuyo m'malo mopita chammbali. Azimitse fulashi, akhudze sikirini pa zilembo kuti foni iyezere kuwala pamenepo, ndipo pa chikwangwani chowala atsitseko kuwalako. Kukada atsamiritse foni pa khoma kapena pa mtengo. Ajambule katatu: chimodzi chonse ndi malo ozungulira, china pafupi, chachitatu atasunthira mapazi awiri kumbali kuti kunyezimira kugwere pa zilembo zina. Pa chikwangwani chachitali chimene sangachione chamaso, ajambule kuchokera kumanzere ndi kumanja komwe, kuti mbali imene yafinyika pa chithunzi china ikhale yapafupi pa chinzake.